Kodi 68 pa 100 wa pa mzere wa belu anachokera kuti?

Tengani ndalama yachitsulo, muiponye m'mwamba ka 10,000, ndipo nthawi iliyonse muzilemba mbali imene yagwera. Palibe munthu wanzeru amene angayembekezere kuti mbali ya mutu ituluka ka 5,000 ndendende. Iphonya ndithu, mwina pang'ono kumtunda, mwina pang'ono kumunsi. Funso lokoma ndi lakuti iphonya ndi zingati. Akatswiri owerengera mwayi ali ndi muyeso wa kumwazikana kotereku, umene amautcha sigima ndi kuulemba σ. Pa masewera a ndalamawa sigima ndi theka la ruti ya chiwerengero cha maponyedwe. Ruti ya 10,000 ndi 100, theka lake ndi 50. Ndiye amatiuza kuti masewerawa titawabwereza kambirimbiri, pafupifupi maulendo 68 pa 100 aliwonse mutu udzatuluka pakati pa ka 4,950 ndi ka 5,050, ndiko kuti osapitirira sigima imodzi kuchokera pakati.

Nambala ya 68 imeneyi imapezeka m'mabuku a zaumoyo, a zaulimi ndi a zachuma, ndipo ophunzira ambiri amangoiloweza pamodzi ndi anzake awiri, 95 ndi 99.7. Ndi ochepa amene anaonapo m'mene imapezekera. Chodabwitsa n'chakuti palibe fomula yachidule imene imaitulutsa. Koma munthu wodziwa kugawa ndi kuphatikiza akhoza kuipeza yekha pa tsamba limodzi la kope, tiyi asanazizire.

Woyamba kuipeza anali Abraham de Moivre, Mfalansa amene anathawira ku London chifukwa cha chizunzo cha zachipembedzo kwawo, n'kumadzisamala pophunzitsa masamu. M'chaka cha 1733 iye analemba kapepala ka masamba ochepa m'Chilatini, kamene pambuyo pake anakaika m'buku lake la The Doctrine of Chances pamene linasindikizidwanso mu 1738. Anaonetsa kuti maponyedwe akachuluka, mwayi wa zotsatira zosiyanasiyana umatsata mzere wokhota wooneka ngati belu lovundikira: wautali pakati, wotsetsereka mofanana mbali zonse ziwiri. Tikamayeza mtunda wochokera pakati m'masigima n'kuutcha x, msinkhu wa belulo pamalo aliwonse umalembedwa motere:

```
y = e^(−x²/2)
```

Chilembo cha e chikuimira nambala yodziwika ya 2.71828 ndi manambala ena osatha pambuyo pake. Pakati penipeni, pamene x ndi 0, msinkhu ndi 1. Pa sigima imodzi watsika kufika pa 0.6065, pa masigima awiri 0.1353, ndipo pa atatu watsala 0.0111 chabe.

Mwayi umene tikufuna si msinkhu wa belu ayi, koma kukula kwa malo amene ali pansi pake. Ganizani za munda umene mbali yake imodzi ndi msewu wowongoka, mbali inayo ndi mtsinje wokhota. Belu lathu ndi munda wotero. Popeza mbali zake ziwiri n'zofanana, tingoyang'ana theka la kumanja. Malo onse a theka limeneli, kuchokera pakati mpaka kumene mzere ukuzimiririka, amadziwika bwinobwino: ndi ruti ya π/2, kapena kuti 1.253314. Chimene tikusowa ndi malo a chigawo choyambira pa 0 kukafika pa 1. Tikachipeza, tigawa ndi 1.253314, ndipo yankho lake ndiye mwayi uja. Kuwerengera malo a pansi pa mzere wokhota kumatchedwa intigiralo, ndipo yathuyi imalembedwa chonchi:

```
∫₀¹ e^(−x²/2) dx
```

Amene anaphunzirako kalikulasi akudziwa njira ya masiku onse. Umafunafuna fomula ina imene, ukaiwerengera liwiro la kusintha kwake, imakubwezera fomula unayamba nayo. Ukaipeza, umangoikamo malire awiri n'kuchotsera, nkhani yatha. Tiitche fomula ya malo. Kwa mapawa a x lamulo lake ndi lofewa kwambiri: malo a pansi pa xⁿ kuchokera pa 0 kufika pa x ndi x^(n+1)/(n+1). Umakweza pawa ndi 1, n'kugawa ndi pawa yatsopanoyo. Mungaliyese ndi maso. Pansi pa mzere wowongoka wa y = x, kuchokera pa 0 kufika pa 1, pali kamunda ka ngodya zitatu kamene ndi theka la sikweya, ndipo lamuloli likunenadi kuti 1/2.

Pa belu mpamene njirayi imakakamira. Wophunzira aliyense amayesa kaye. Ambiri amalemba kuti fomula ya malo ndi e^(−x²/2) yogawidwa ndi −x, potengera zimene zimachitika ndi e^(3x), imene imangogawidwa ndi 3. Koma 3 sasintha, pamene x amasintha, ndipo kulakwa kwake kumaonekera msanga: ikanimo x = 0, muona kuti mukugawa ndi ziro. Chopweteka mtima n'chakuti belulo likanakhala ndi x mmodzi kutsogolo, x·e^(−x²/2), fomula ya malo ikanakhala −e^(−x²/2) basi, yopezeka mu mzere umodzi. Kusowa kwa x mmodziyo ndiko kumatseka khomo.

Ndipo khomolo n'lotsekekadi, si kuti anthu sanayesetse mokwanira. M'zaka za m'ma 1830 katswiri wina wa ku France, Joseph Liouville, anatsimikiza mwa masamu kuti pali maintigiralo ena amene fomula yawo ya malo singalembedwe ndi zipangizo za masiku onse, ndipo ya beluyi ili m'gulu limenelo. Zipangizo za masiku onse tikunena mapawa, maruti, malogarithimu, sayini, kosayini ndi eˣ, zophatikizidwa, zochulukitsidwa kapena zolowetsedwa china mu chinzake kangapo kowerengeka. Sakanizani m'mene mungathere, simudzaipeza. Apa pafunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Liouville sananene kuti malowo kulibe, kapena kuti sangadziwike. Munda wa m'mbali mwa mtsinje uli ndi kukula kwake ngakhale chingwe chanu chikukana kutsata gombe. Chimene chikusowa ndi njira yachidule yolembera yankho.

Mawu akuti "kangapo kowerengeka" ndiwo ali ndi mpata wothawira. Nanga tikalola kuphatikiza kosatha? Isaac Newton anaulondola mpata umenewu m'zolemba zake za mu 1669, zimene zinadzasindikizidwa mu 1711, ndipo Nicholas Mercator anali atachita zofanana ndi logarithimu mu 1668. Maganizo ake ndi akuti: ngati chinthu chokhacho chimene tikudziwa kuwerengera malo ake mosavuta ndi mapawa a x, tiyeni tiphwanye fomula yovutayo ikhale mndandanda wa mapawa, kenaka tiwerengere malo a chidutswa chilichonse pachokha, n'kuphatikiza.

Mndandanda wa eᵘ ndi wodziwika, ndipo ndi wosavuta kuukumbukira:

```
e^u = 1 + u + u²/2 + u³/6 + u⁴/24 + u⁵/120 + …
```

Manambala a pansiwo, 2, 6, 24, 120, akubwera pochulukitsa motsatizana: 1×2, kenaka 1×2×3, kenaka 1×2×3×4, mpaka mtsogolo. Amatchedwa mafakitoriyo, ndipo amakula mwaukali, zimene zitithandize kwambiri posachedwa. Ngati mukukayika, ikani u = 1. Zidutswa zisanu zoyamba zikupereka 2.7083, zisanu ndi chimodzi 2.7167, ndipo mukuona nokha kuti tikulunjika pa 2.71828 uja.

Tsopano paliponse pamene pali u tiikepo −x²/2. Apa mpofunika kudekha, chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa. Chidutswa chachitatu ndi u²/2. Tikachulukitsa −x²/2 ndi iye mwini timapeza x⁴/4, wopanda chizindikiro chochotsera, ndipo tikagawa ndi 2 timapeza x⁴/8. Amene amaiwala kuti 2 wa pansi uja nayenso akukwezedwa amalemba x⁴/4, ndipo yankho lawo lonse limapotoka. Chachinayi ndi u³/6, chimene chikupereka −x⁶/8 wogawidwa ndi 6, ndiye −x⁶/48. Chizindikiro chochotsera chimabwerera pa chidutswa chilichonse chachiwiri. Mndandanda wonse ukutuluka chonchi:

```
e^(−x²/2) = 1 − x²/2 + x⁴/8 − x⁶/48 + x⁸/384 − x¹⁰/3840 + …
```

Belu lija lasanduka mapawa okhaokha, ndipo pawa iliyonse tikudziwa chochita nayo: kweza ndi 1, gawa ndi pawa yatsopano. Chidutswa cha 1 chisanduka x. Cha x²/2 chisanduka x³ wogawidwa ndi 2×3, ndiye x³/6. Cha x⁴/8 chisanduka x⁵/40, cha x⁶/48 chisanduka x⁷/336. Malo a pansi pa belu kuchokera pa 0 kufika pa x aliyense ndi awa:

```
A(x) = x − x³/6 + x⁵/40 − x⁷/336 + x⁹/3456 − x¹¹/42240 + …
```

Imeneyi ndiyo fomula ya malo imene timaisowa ija. Ilibe mapeto, n'chifukwa chake sikutsutsana ndi Liouville, koma imagwira ntchito.

Tiikemo x = 1, pamene mapawa onse amangokhala 1. Chidutswa choyamba chikuti malowo ndi 1. Uku n'kuyesa belu ngati sikweya yathunthu, ndiye tachulutsa. Chachiwiri chikuchotsa 1/6, kapena kuti 0.166667, n'kutisiya pa 0.833333. Apa tachotsa mopitirira. Chachitatu chikubweza 0.025, tafika pa 0.858333. Chachinayi chikuchotsa 0.002976, tatsika pa 0.855357. Chachisanu chikubweza 0.000289, tili pa 0.855646. Chachisanu ndi chimodzi chikuchotsa 0.000024, tili pa 0.855623. Chachisanu ndi chiwiri, chimene ndi 1/599040, chikungogwedeza nambala yomaliza, n'kutifikitsa pa 0.855624.

Gawani 0.855624 ndi 1.253314. Yankho ndi 0.682689, ndiko kuti 68.27 pa 100. De Moivre, wogwira nthenga ya inki, anapeza 0.682688. Amene ali ndi kompyuta pafupi akhoza kutsimikiza mu Excel:

```
=NORM.S.DIST(1,TRUE)-NORM.S.DIST(-1,TRUE)
```

Kwa ine chokoma pa ntchitoyi si kufulumira kwake kokha, koma kuti imakuuza yokha kuti waphonya ndi zingati. Yang'ananinso manambala aja. Akuyenda ngati anthu awiri otsatsana malonda pamsika: wogulitsa atchula mtengo wokwera, wogula atchula wotsika, wogulitsa atsikako, wogula akwerako, ndipo mtengo umene adzagwirizane uli pakati pa mawu awiri omaliza nthawi zonse. Tinali pa 0.858333, pamwamba, kenaka pa 0.855357, pansi. Yankho lenileni silingatuluke kunja kwa awiriwa. Chifukwa chake n'chakuti zidutswa zikusinthana zizindikiro ndipo chilichonse n'chocheperapo kuposa cham'mbuyo, motero chimene chikubwera sichingafafanize zonse zimene chinzake chachita. Lamulo limeneli limadziwika ndi dzina la Leibniz, ndipo tanthauzo lake ndi ili: ukaima pa chidutswa china, kuphonya kwako n'kochepa kuposa chidutswa choyamba chimene wachisiya.

Zimenezi zimasintha kagwiridwe ka ntchito. Sufunika kuyamba kuwerengera mwachimbulimbuli n'kumayembekeza kuti manambala asiye kugwedera. Umayamba wadzifunsa kuti ukufuna kulondola kotani. Tinene kuti ukufuna kuphonya kosafika 0.00005, kuti yankho likhale lodalirika pa madesimali anayi. Umayang'ana mndandanda n'kufunafuna chidutswa choyamba chochepera pamenepo. Cha 1/3456 ndi 0.000289, chakula. Cha 1/42240 ndi 0.000024, chakwana. Ndiye zidutswa zisanu zimene zili patsogolo pake n'zokwanira, ndipo ukudziwa zimenezi usanaphatikize kalikonse. Ngati ukungofuna kudziwa ngati ndi 68 kapena 69, zinayi zikukwana: 0.855357 wogawidwa ndi 1.253314 ndi 0.6825, ndipo chidutswa chosiyidwacho sichingasunthe yankho ndi zoposa 0.0003.

Ndi bwinonso kukhala ndi kamuyeso kena kosadalira mndandanda, kogwirira zolakwa za dzanja. Pakati pa 0 ndi 1 belu limatsika kuchokera pa msinkhu wa 1 kufika pa 0.6065. Mutakoka mzere wowongoka pakati pa nsonga ziwirizi, malo a pansi pake angakhale theka la 1.6065, ndiye 0.803. M'chigawo chimenechi belu ndi lotukuka ngati msana wa kamba, lili pamwamba pa mzere wowongokawo, motero yankho liyenera kuposa 0.803 koma osafika 1. Amene anaiwala zizindikiro zochotsera n'kuphatikiza zonse amapeza 1.19, ndipo kamuyesoka kamamugwira nthawi yomweyo. Amene anaiwala kukweza mapawa, n'kuika x = 1 mu mndandanda woyamba uja, amapeza 0.6065, msinkhu m'malo mwa malo.

Wina wochenjera afunsa: kodi ndani anatiloleza kuwerengera malo a zidutswa zosatha chimodzichimodzi n'kuphatikiza? Zidutswa zikakhala zitatu kapena khumi palibe vuto, malo a zonse pamodzi ndi malo a chilichonse ophatikizidwa. Koma zikakhala zosatha, si nthawi zonse pamene zimatheka. Tayerekezani kamtunda kosongoka kamene pa sitepe iliyonse kakuonda ndi theka kwinaku kakutalika kawiri, komanso kakusendera ku 0. Malo ake sakusintha. Koma mukaima pa nsonga iliyonse n'kudikira, kamtundako kadzakudutsani n'kukusiyani pa msinkhu wa ziro. Pamapeto pake mzere wagona pansi paliponse, malo ake ndi ziro, chonsecho pa sitepe iliyonse malo anali omwewo. Zoterezi ndi zimene zinachititsa akatswiri a m'zaka za m'ma 1800, monga Karl Weierstrass, kukhwimitsa malamulo amene Newton ankangowagwiritsa ntchito mosadandaula.

Mndandanda wa mapawa ulibe khalidwe loipali, malinga ngati tili m'kati mwa dera limene umakhazikika. Pa belu lathu tingazione ndi maso. Tikadula mndandanda woyamba uja pambuyo pa x⁸/384, kusiyana kwake ndi belu lenileni sikuposa x¹⁰/3840, ndipo pakati pa 0 ndi 1 nambala imeneyi siposa 1/3840 pena paliponse. Mizere iwiriyo yayandikana m'chigawo chonse nthawi imodzi, palibe pobisala kamtunda, ndiye malo awonso ayenera kuyandikana.

Mawu akuti "dera limene umakhazikika" asatidutse. Mndandanda wa eᵘ ndi wamwayi, umakhazikika pa nambala iliyonse, chifukwa mafakitoriyo a pansi aja amapambana pawa iliyonse pamapeto pake. Ena sali choncho. Tengani 1/(1 + x²), imene mndandanda wake ndi 1 − x² + x⁴ − x⁶ mpaka mtsogolo. Pa x = 1/2 ukuyenda bwino. Pa x = 2 fomulayo ikupereka 1/5 mosavuta, koma mndandanda ukuti 1 − 4 + 16 − 64, manambala ongokulirakulira osalunjika kulikonse. Dera lake limathera pa 1, ndipo kuwerengera malo chidutswa ndi chidutswa sikulikulitsa. Amene angaugwiritse ntchito kuyeza malo kuchokera pa 0 kufika pa 2 adzapeza zopanda pake ngakhale atawonjezera zidutswa chikwi. Musanayambe, funsani kaye ngati malire onse awiri a intigiralo yanu ali m'kati mwa dera.

Koma ngakhale belu, limene dera lake lilibe malire, lili ndi msampha wake, ndipo uwu ndi umene mabuku ambiri a sukulu amaudumpha. Tiyeni tifune 95 uja, wa masigima awiri. Tikaika x = 2, zidutswa zikuyamba motere: 2, kenaka 1.3333, kenaka 0.8, kenaka 0.3810, kenaka 0.1481. Zikuchepa, inde, koma mwaulesi. Munthu amene anazolowera kuti pa x = 1 zidutswa zitatu zinamufikitsa pafupi, akaima pa zitatu pano apeza 1.4667. Agawe ndi 1.253314, atulutsa mwayi wa 117 pa 100. Mwayi woposa 100 pa 100 kulibe, ndiye apa cholakwa chadziulula chokha. Choopsa ndi kuima pa zinayi, pamene yankho ndi 1.0857, kapena kuti 86.6 pa 100, nambala yooneka yaulemu koma yolakwika. Lamulo la Leibniz likanamuchenjeza, poti chidutswa chosiyidwa ndi 0.1481, chachikulu zedi. Kuti kuphonya kutsike pansi pa 0.00005 pakufunika zidutswa 10, ndipo zimafikitsa pa 1.1963, ndiko kuti 95.45 pa 100.

Pa x = 3 zinthu zimasintha mtundu. Zidutswa zake ndi 3, kenaka 4.5, kenaka 6.075, kenaka 6.509, kenaka 5.695. Zikuyamba ndi kukula. Mukaphatikiza ziwiri zoyamba mupeza −1.5, malo ochepera ziro. Zitatu zikupereka 4.575, zinayi −1.934. Pa nthawi imene zidutswa zikukula lamulo la Leibniz silinayambe kugwira ntchito, ndipo otsatsana malonda aja akutalikirana m'malo moyandikirana. Kuyambira pa chachinayi mpamene zimayamba kutsika, ndipo pamafunika zidutswa 17 kuti tifike pa 1.2499, amene ndi 99.73 pa 100. Kulondola komweko kunafuna zidutswa 5 pa sigima imodzi, 10 pa awiri, 17 pa atatu. De Moivre nayenso anaona kuti mndandanda wayamba kulemera akatalikira pakati, ndipo pa masigima awiri ndi atatu anasintha njira, n'kuyerekeza malowo pogwiritsa ntchito misinkhu ya belu pa nsonga zingapo.

Wina anganene kuti masiku ano kuchuluka kwa zidutswa si nkhani, kompyuta iphatikiza chikwi m'kuphethira kwa diso. Zoona, koma vuto lenileni lili pena. Pa x = 5 chidutswa chachikulu kwambiri, cha nambala 12, ndi pafupifupi 6,340, pamene yankho lonse ndi 1.2533. Tikupeza kanthu kakang'ono pochotsera zinthu zikuluzikulu. Zili ngati kufuna kudziwa kulemera kwa nkhuku poyeza lole yodzaza matumba a chimanga nkhukuyo ili pamwamba, kenaka n'kuyezanso itauluka. Sikelo ya lole siona nkhuku. Kakyuleta imasunga manambala owerengeka, tinene 10. Ikasunga 6,340 yatha kale manambala anayi kumanzere kwa kadontho, kwatsala asanu ndi limodzi kumanja, ndipo zonse zopitirira apo zatayika. Zidutswa zikuluzikulu zikadyana, zinyenyeswa za kutayikako ndi zimene zimatsala zitasakanikira m'yankho.

Pa x = 10 chidutswa chachikulu chimakhala ndi manambala 20 kumanzere kwa kadontho. Kompyuta wamba imasunga pafupifupi 16. Yankho loyenera likadali 1.2533, koma makinawo akhoza kutulutsa nambala ya m'mazana kapena m'zikwi, mwinanso yochepera ziro, osadandaula n'komwe. Pa pepala mndandanda ndi wolondola ndithu, masamu ake alibe banga. Cholephera ndi chiwiya chowerengera. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona ngati ukudziwa pochiyang'ana: yerekeza chidutswa chachikulu kwambiri ndi yankho lako. Ngati chidutswacho chikuposa yankho ka 1,000, dziwa kuti wataya manambala atatu pa amene makina ako amasunga. Ngati chikuliposa ndi manambala ochuluka kuposa amene makinawo ali nawo, chimene chatulukacho ndi phokoso chabe.

Gwero la zonsezi ndi lakuti mndandanda wathu unamangidwa pa x = 0. Zonse zimene ukudziwa za belu unazitenga pa nsonga imodzi imeneyo: msinkhu wake, kupendekeka kwake, kukhota kwake. Pafupi ndi kwawo umalankhula zoona m'mawu ochepa. Ukatalikira umafunika mawu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi otsutsana okhaokha.

Kutali kotero anthu odziwa ntchitoyi amalowera khomo lina. M'malo moyeza malo kuchokera pakati kufika pa x, amayeza kamchira kotsala kuchokera pa x kupita kunja, n'kukachotsa pa 1.253314 uja. Pamene x ndi wamkulu, kamchirako kamayandikira e^(−x²/2)/x, ndipo sikaposa pamenepo. Taonani kuti iyi ndi fomula yolakwika ija ya wophunzira, yogawa ndi x, imene inakanika pa ziro. Kutali ndi ziro imasanduka chiyerekezo chabwino. Pa x = 5, e^(−12.5) ndi 0.0000037, ndipo tikagawa ndi 5 tipeza 0.00000075, pamene kamchira kenikeni ndi 0.00000072. Mzere umodzi wa masamu watipatsa malo a 1.2533134, olondola mpaka desimali yachisanu ndi chiwiri, pamalo pomwe mndandanda wa mapawa ukanafuna zidutswa makumi angapo ndi kakyuleta yosunga manambala ambiri. Mapulogalamu a kompyuta owerengera belu amachita chimodzimodzi: amayang'ana kaye kukula kwa x, n'kusankha njira ina pafupi ndi pakati, ina kumchira.

Tibwerere ku ndalama yathu ija, chifukwa pali kangongole kamodzi kamene ndinakasiya. Belu ndi mzere wosalala, pamene maponyedwe a ndalama amawerengedwa m'manambala athunthu, palibe mutu wotuluka ka 5,050 ndi theka. Tikati kuyambira 4,950 mpaka 5,050, malire onse awiri tawawerengera m'kati, ndiye pa belu chigawocho chiyenera kutambasuka ndi theka mbali iliyonse, kufika pa 50.5. M'masigima ndi 50.5 wogawidwa ndi 50, ndiye x = 1.01. Sitifunika kuyambiranso. Kachigawo kowonjezerako ndi kopyapyala, m'lifupi mwake 0.01, msinkhu wake pafupifupi 0.60, motero malo ake ndi 0.0060. Tikaphatikiza ndi 0.8556 tipeza 0.8616, ndipo tikagawa ndi 1.2533 mwayi wa ndalama yathu ukutuluka 68.75 pa 100.